Katundu Wafika Mochedwa: Mufune Phindu Lomwe Lakuphonyani Kapena Ndalama Zomwe Zalowa M'madzi?

Wogulitsa akachedwetsa katundu, wogula amathamangira funso lakuti amulipiritse zingati. Khoti siliyambira pamenepo. Limayamba lafuna kudziwa malo amene inuyo mukupempha kuti likuimikeni. Kodi likufikitseni pomwe mukanafika mgwirizano ukanayenda bwino, kapena likubwezereni pomwe munali musanaponye ndalama zanu pamgwirizanowo? Njira yoyambayo tiziitcha chipukuta misozi cha zomwe mukanapeza. Yachiwiriyo ndi kubwezeredwa ndalama zolowa m'madzi. Zomwe zili pano zachokera m'malamulo a mgwirizano a ku England, omwe makhoti a m'maiko ambiri amatsatira, n'chifukwa chake milandu yomwe titchule ndi ya kumeneko.

Mfundo yaikulu inanenedwa mu 1848 pamlandu wa Robinson ndi Harman: wolakwiridwa aikidwe, momwe ndalama zingathere, pamalo omwe akanakhala mgwirizano ukanakwaniritsidwa. Chipukuta misozi si chilango. Ngakhale wogulitsa atachedwa chifukwa cha ulesi wokhawokha, salipira zoposa zomwe mwataya.

Tiyende ndi chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Manambalawo muwawerenge m'ndalama iliyonse yomwe mumagwiritsa ntchito.

Pa 1 Meyi mwaoda matisheti 2,000 osindikizidwa dzina ndi masiku a mpikisano wa masewero womwe uchitike kuyambira pa 10 mpaka pa 12 Juni. Tisheti imodzi ndi 20, choncho mwalipiratu 40,000. Mwagwirizana kuti afike pa 1 Juni. Mukufuna kukagulitsa imodzi pa 35, kuti mutolere 70,000. Malo ogulitsira pabwalo la masewero mwalipira 5,000 yosabwezedwa, kutsatsa malonda 3,000, ndipo mwapangana ndi ogulitsa aganyu kuti mudzawapatsa 2,000 ntchito ikatha. Zonse zikanakwana 50,000, phindu n'kukhala 20,000. Matisheti afika pa 20 Juni, mpikisano utatha kalekale.

Choyamba: onani kulemera kwa tsiku lomwe munapangana

Tengani mapepala onse: oda, invoisi, makalata ndi mauthenga a pafoni. Mukufuna tsiku lenileni. "Pa 1 Juni" ndi tsiku. "Chakumayambiriro kwa Juni" kapena "tiyesetsa kubweretsa msanga" si tsiku, ndipo pamenepo lamulo limangofuna kuti katundu afike pa nthawi yoyenera, yomwe mukakanganirana kukhoti.

Pamalonda a pakati pa abizinesi, makhoti nthawi zambiri amaona tsiku lobweretsa katundu ngati mbali ya mtima wa mgwirizano. Kutanthauza kuti likangodutsa, muli ndi njira ziwiri. Mutha kukana katunduyo, kuthetsa mgwirizano, kuitanitsa ndalama zanu komanso chipukuta misozi. Kapena mutha kumulandira n'kufuna chipukuta misozi cha kuchedwako. Kulandira katundu wochedwa kumakulandani ufulu womukana, koma sikukulandani chipukuta misozi. Ngakhale zili choncho, posaina pepala lolandirira katundu lembani kuti mwalandira mochedwa ndipo ufulu wanu wofuna chipukuta misozi simunausiye, kuti mawa wogulitsa asadzanene kuti munagwirizana tsiku latsopano.

Ambiri amagwera mumbuna iyi: tsiku ladutsa, wogulitsa akuti "sabata yamawa", inu mukuti "chabwino, fulumirani". Mukatero kangapo, tsiku loyamba lija latha mphamvu ndipo simungadzuke m'mawa wina n'kukana katundu. Mankhwala ake ndi kalata yoika tsiku latsopano lomaliza, lopatsa wogulitsa nthawi yokwanira, n'kunena mosapita m'mbali kuti likadutsa simulandiranso. Pamlandu wa Charles Rickards ndi Oppenhaim mu 1950, munthu yemwe anaodetsa bodi ya galimoto ya Rolls-Royce analolera kuchedwa kwa miyezi, kenako anapereka masabata anayi omaliza. Atadutsa anakana galimotoyo, khoti n'kumuikira kumbuyo.

Chachiwiri: pa 2 Juni musakhale pansi

Sitepe iyi imachitika mlandu usanayambe n'komwe, koma ndi imene imadula ndalama za anthu ambiri. Lamulo silikulolani kulipiritsa wogulitsa zotayika zomwe mukanatha kupewa pochita zinthu zanzeru zomwe wabizinesi aliyense akanachita.

Tinene kuti pa 2 Juni panali wosindikiza wina yemwe akanatha kupanga matisheti 2,000 omwewo pofika pa 9 Juni, pamtengo wa 26 imodzi. Mukanathetsa mgwirizano woyamba, n'kuoda kwa iyeyu, mukanagulitsa pampikisano monga munakonzera. Chotayika chanu chikanakhala 6 pa tisheti iliyonse, yonse 12,000, kuphatikiza kubwezeredwa 40,000 yanu ija. Wogulitsa akaonetsa kukhoti kuti mwayi umenewu unalipo ndipo inu munangoukhalira, chipukuta misozi chanu chingathere pa 12,000 pomwepo, kaya mwataya zingati.

Choncho tsiku likangodutsa, funsani mitengo kwa ogulitsa ena awiri kapena atatu, ndipo mayankho awo akhale olembedwa. Akayankha kuti masiku asanu ndi awiri sakwana kusindikiza matisheti ochuluka chonchi, yankho limenelo ndi umboni wanu wamtengo wapatali. Wogulitsa wanu akamakulonjezani tsiku ndi tsiku kuti katundu ali m'njira, sungani mauthengawo, chifukwa akufotokoza chimene munadikirira. Udindo woonetsa kuti simunachepetse zotayika uli pa wogulitsa, ndipo makhoti safinya kwambiri munthu yemwe waikidwa pampanipani ndi kulakwa kwa mnzake. Ndalama zomwe mwaononga poyesa kupulumutsa zinthu, monga kutumiza galimoto kukatenga katundu wolowa m'malo, nazonso mumaziitanitsa, ngakhale kuyesako kutalephera, bola kunali kwanzeru.

M'chitsanzo chathu titenge kuti panalibe wina akanakwanitsa. Munauza aganyu aja kuti asabwere, 2,000 ija sinatuluke. Matisheti atafika munawalandira n'kuwagulitsa motchipa pa 12 imodzi, popeza ndani angalipire 35 pa tisheti ya mpikisano womwe unatha? Munatolera 24,000.

Chachitatu: werengani zomwe mukanapeza

Jambulani mizere iwiri papepala. Kumanzere lembani momwe thumba lanu likanakhalira katundu akanafika pa 1 Juni. Kumanja lembani momwe lakhaliradi. Kusiyana kwa ziwirizi ndiye chipukuta misozi.

Kumanzere: mukanatolera 70,000, n'kutulutsa 50,000, n'kutsala ndi phindu la 20,000.

Kumanja: mwatulutsa 40,000 ya matisheti, 5,000 ya malo ndi 3,000 yotsatsira malonda, zonse 48,000. Mwatolera 24,000. Mwaluza 24,000.

Kuchoka pa kuluza 24,000 kufika pa phindu la 20,000 pali mtunda wa 44,000. Ndiye ndalama yomwe mungaitanitse panjira yoyamba.

Dziyeseni powerengera kumbali ina. Mukanatolera 70,000 koma mwatolera 24,000, kupelewera 46,000. Chotsanipo 2,000 ya aganyu yomwe mwapulumutsa chifukwa cha kuchedwako. Yatsala 44,000 yomweyo. Manambala awiriwa akapanda kufanana, pali ndalama yomwe mwaiwerenga kawiri kapena mwaiiwala.

Pochotsa zomwe mwapulumutsa, chotsani zokhazo zomwe sizinatulukedi. Lendi ya ofesi yanu ndi malipiro a antchito apamwezi munalipirabe, mpikisano kaya ayi, ndiye sizichotsedwa. Loya wa wogulitsa adzayesa kuzilowetsa kuti phindu lanu lioneke laling'ono.

Kulakwitsa komwe timakuona kawirikawiri n'kwakuti munthu amaitanitsa 70,000 yonse yomwe akanatolera, n'kuonjezapo 8,000 ya malo ndi kutsatsa. Sizitheka. Kuti mutolere 70,000 munayenera kuononga 8,000 imeneyo, ndiye ili kale m'kati mwake. Chomwe chimaloledwa ndi kuphatikiza ndalama zolowa m'madzi ndi phindu lenileni lotsala mutachotsa zonse: 24,000 ndi 20,000, zomwe zikutibwezera pa 44,000 paja.

Mukanakana matishetiwo pa 20 Juni, masamu akanasintha maonekedwe okha. Mukanaitanitsa 40,000 yanu ngati ndalama yomwe munalipira osalandirapo kanthu, kenako 8,000 yolowa m'madzi ndi 20,000 ya phindu, chipukuta misozi n'kukhala 28,000. Kukana kumasiya mtolo wa matisheti osagulika m'manja mwa wogulitsa. Koma ngati wogulitsayo akuoneka kuti bizinesi yake ikugwa, kugwira katundu yemwe mungagulitse 24,000 kumaposa kugwira pepala la ngongole.

Katundu wina sawerengedwa chonchi. Akakhala wogulika pamsika tsiku lililonse, monga shuga kapena zitsulo, muyeso wake ndi mtengo wa pamsika tsiku lomwe amayenera kufika kuchotsapo mtengo wa tsiku lomwe wafikadi. Nyumba ya Malodi, yomwe nthawiyo inali khoti lalikulu koposa ku England, inagamula motero mu 1967 pamlandu wa sitima ya Heron II, yomwe inanyamula shuga kuchokera ku Constanza kupita ku Basrah n'kufika mochedwa ndi masiku asanu ndi anayi, mtengo utatsika. Akakhala makina ogwirira ntchito, muyeso ndi phindu la masiku omwe makinawo akanakhala akugwira ntchito, kapena ndalama yobwerekera ena.

Chachinayi: funsani kuti wogulitsa ankadziwa chiyani tsiku lomwe munapangana

44,000 ija sinalowe m'thumba. Iyenera kudutsa pa sefa ya mlandu wa Hadley ndi Baxendale wa mu 1854. Eni chigayo cha ku Gloucester anathyokeredwa shafiti, n'kuipereka kwa onyamula katundu kuti aipititse ku Greenwich ikakhale chitsanzo chopangira yatsopano. Onyamulawo anachedwa masiku angapo, chigayo chili chiimire. Khoti linakana kupereka phindu la masikuwo. Linati wophwanya mgwirizano amalipira zotayika za mitundu iwiri yokha: zomwe zimabwera mwachibadwa pa kuphwanya kotere, ndi zomwe mbali zonse ziwiri zikanaziganizira pa nthawi yopangana chifukwa cha zomwe zinkadziwa. Onyamulawo sakanadziwa kuti chigayocho chinalibe shafiti ina yapadera.

Mawu ofunika ndi akuti pa nthawi yopangana. Kuimbira wogulitsa pa 5 Juni n'kumuuza kuti mutaya ndalama zambiri sikuthandiza. Anayenera kudziwa pa 1 Meyi, pamene akanatha kukweza mtengo, kukana oda, kapena kuika malire pa zomwe angalipire.

Kwa ife nkhani ndi yopepuka. Wogulitsa anasindikiza yekha dzina la mpikisano ndi masiku ake pachifuwa cha tisheti iliyonse, ndipo palibe amaoda matisheti 2,000 kuti avale yekha. Phindu la kugulitsa pampikisano linali poyera. Akanakhala matisheti oyera opanda cholembedwa, inu osatchula za mpikisano, wogulitsa akanati mtengo wawo pa 20 Juni ndi womwewo wa pa 1 Juni, ndipo mukanatuluka ndi kangachepe.

Tsopano tinene kuti panali kampani yothandiza mpikisanowo yomwe inalonjeza kugula matisheti 300 pa 90 imodzi, koma wogulitsa simunamuuze. Apa mlandu wa Victoria Laundry ndi Newman Industries wa mu 1949 ndi womwe ukuyankhani. Kampani yochapa zovala ya ku Windsor inagula boila yaikulu yomwe imayenera kufika mu Juni 1946, koma inafika mu Novembala. Inaitanitsa mapaundi 16 pa sabata a phindu la kuchapa kwa masiku onse, ndi mapaundi 262 pa sabata a makontrakiti apadera onyika nsalu omwe ikanapeza kuboma. Khoti la apilo linati phindu wamba la bizinesi yotere lilipidwe, poti aliyense wogulitsa boila kwa ochapa zovala amadziwa ntchito yake, koma phindu lonona la makontrakiti apaderawo ayi, chifukwa ogulitsa sanawadziwe. Matisheti anu 300 awerengedwa pa 35 ngati anzawo, osati pa 90.

Chachisanu: yesani ngati phindu lanu lili ndi miyendo

Nayi mphambano yeniyeni ya njira ziwiri zija. 70,000 ija yachokera kuti? Ngati mwagulitsa pampikisano womwewu zaka zitatu zapitazi, ndipo mabuku akuonetsa kuti chaka chilichonse matisheti amatha tsiku lachiwiri pamtengo wonga womwewu, phindu lanu laima. Bweretsani mabukuwo, malisiti, chiwerengero cha matikiti omwe anagulidwa chaka chino, ndi zomwe ogulitsa oyandikana nanu anapeza ngati angalole kuchitira umboni. Khoti silifuna kuti mutsimikize mpaka tisheti yomaliza. Kuvuta kwa masamu sikulepheretsa chipukuta misozi, woweruza amayerekeza kuchokera pa umboni womwe ulipo, ndipo atha kudulako pang'ono poganizira kuti zinthu sizikanayenda ndendende.

Koma ngati mpikisanowo ndi woyamba, inunso n'koyamba kugulitsa matisheti, 70,000 ndi loto lolembedwa papepala. Pamenepa ndi pomwe njira yachiwiri imagwira ntchito. Mumasiya za phindu, n'kunena kuti: ndinaononga ndalama izi podalira lonjezo lanu, ndipo kuchedwa kwanu kwazisandutsa zopanda pake.

Mlandu wodziwika ndi wa Anglia Television ndi Reed mu 1971. Kampani ya wailesi yakanema inalemba wochita zisudzo wa ku America, Robert Reed, kuti achite mbali yaikulu ya sewero. Iye anabwerera m'mbuyo masiku ochepa kujambula kusanayambe, wolowa m'malo sanapezeke, sewero linafera pomwepo. Kampaniyo sikanatha kunena phindu lomwe sewerolo likanabweretsa, ndiye inaitanitsa mapaundi 2,750 omwe inaononga pokonzekera, ndipo inapatsidwa. Chochititsa chidwi n'chakuti zina mwa ndalamazo zinatuluka Reed asanavomere n'komwe. Khoti linati zilipidwebe, chifukwa iye povomera ankayenera kudziwa kuti ndalama zoterezi zatuluka kale ndipo zidzaonongeka akathawa. Ndiye ngati 5,000 ya malo munalipira mu Epulo, musanaode matisheti, musaisiye pamndandanda.

Powerenga, lembani ndalama iliyonse yomwe inatuluka chifukwa cha malondawa, ndi lisiti lake pambali, kenako chotsani chilichonse chomwe mwapulumutsa. Kwa ife ndi 48,000 kuchotsa 24,000 ya matisheti otchipa aja, kutsala 24,000. Ngati zikwangwani zomwe munapangitsa zingagwirenso ntchito chaka chamawa, mtengo wake wotsala uchotsedwenso. Ndalama zomwe mukanalipira ngakhale popanda malondawa, monga lendi ya ofesi, sizinalowe m'madzi chifukwa cha wogulitsa, ndipo kuziika pamndandanda kumangopatsa loya wa mbali inayo poyambira kukayikira zina zonse.

24,000 ndi yochepa poyerekeza ndi 44,000, koma ndi ya malisiti. Simufunika katswiri wowerengera ndalama kuti adzachitire umboni, mlandu umafupika, ndipo wogulitsa amavomera msanga kukambirana kunja kwa khoti pa nambala yomwe sangaitsutse. Loya wodziwa ntchito amalemba zonse ziwiri m'chisamani, phindu ngati pempho loyamba, ndalama zolowa m'madzi ngati pothawira phindu likakanika kutsimikizika.

Chachisanu ndi chimodzi: dziwani denga la njira yachiwiri

Ena amaganiza kuti kuitanitsa ndalama zolowa m'madzi ndi njira yothawira malonda omwe akanawaluzitsa kale. Ayi ndithu. Njira yachiwiriyi yakhala pamsana pa yoyamba. Khoti limangoyamba ndi ganizo lakuti wabizinesi akanabweza ndalama zomwe anaononga, mgwirizano ukanayenda bwino. Ganizo limenelo wogulitsa atha kuligwetsa ndi umboni.

Tinene kuti masiku atatu onse a mpikisano kunagwa chimvula, anthu anabwera ochepa, ndipo wogulitsa waonetsa kuti mukanagulitsa matisheti 1,000 okha pa 35, otsalawo n'kudzawataya pa 12. Mukanatolera 35,000 ndi 12,000, zonse 47,000, mutaononga 50,000. Katundu akanafika pa nthawi yake mukanaluzabe 3,000. Ndalama imeneyo sanakuluzitseni ndi wogulitsa, ndi mvula. Ichotsedwa pa 24,000 ija, mulandira 21,000. Mukabwerera ku mizere iwiri ija muona kuti kuchoka pa kuluza 24,000 kufika pa kuluza 3,000 ndi 21,000 yomweyo. Njira ziwirizi zakumana, ndipo yachiwiri singapitirire yoyamba.

Mu 1983, pamlandu wa C & P Haulage ndi Middleton, munthu wina anapatsidwa malo ogwirira ntchito kwa miyezi isanu ndi umodzi, n'kuononga ndalama zake powakonza, ngakhale mgwirizano unkati zomwe wamangapo zidzatsala kwa eni malo. Anamutulutsa kutatsala masabata khumi. Anapitiriza ntchito kunyumba kwake osalipira lendi. Ataitanitsa ndalama zokonzera malo zija, khoti linati zikanatayikabe mgwirizano ukatha, ndiye anangopatsidwa mapaundi 10 osonyeza kuti analakwiridwa.

Ubwino weniweni wa njira yachiwiri uli pa yemwe asenze mtolo wa umboni. Mukafuna phindu, inu ndi amene mutsimikize kuti likanabwera. Mukafuna ndalama zolowa m'madzi, wogulitsa ndi amene atsimikize kuti simukanazibweza. Pa mpikisano womwe sunachitikepo, palibe angatsimikize chilichonse, ndipo kusatsimikizika kumeneko kumagwera wosenza mtoloyo.

Chachisanu ndi chiwiri: werengani timawu ting'onoting'ono kuseri kwa invoisi

Masamu onsewa atha kugwetsedwa ndi ndime imodzi. Ogulitsa ambiri amaika ndime yoti akachedwa adzalipira, mwachitsanzo, 1 peresenti ya mtengo wa katundu pa sabata iliyonse, osapitirira 10 peresenti. Pa oda yathu ya 40,000 ndi 400 pa sabata. Masiku 19 a kuchedwa ndi 800 ngati ndimeyo ikuwerenga masabata athunthu okha, kapena 1,200 ngati ikuwerenga ndi sabata yongoyambika. Ikakhala kuti inalowadi mumgwirizano wanu, ndiye ndalama yanu ya kuchedwako imeneyo, ngakhale mwataya 44,000. Lamulo loletsa ndime zachilango limateteza wolipira ndalama ikakhala yokwera mopanda chilungamo, silikweza ndalama ikakhala yochepa. Onetsetsani kaye ngati ndimeyo inalowadi: mawu omwe mwawaona koyamba pa invoisi yobwera mutapangana kale nthawi zambiri sakhala mbali ya mgwirizano, pokhapokha ngati mwakhala mukuchita malonda pa mawu omwewo kwa nthawi.

Ndime ina yofala ndi yoti wogulitsa sadzalipira phindu lotayika. Apa kusiyana kwa njira ziwiri zija kumasanduka ndalama zenizeni. Mu 2022, pamlandu wa Soteria Insurance ndi IBM, khoti la apilo ku England linagamula kuti ndime yokana kulipira phindu, ndalama zomwe wogula akanatolera ndi zomwe akanapulumutsa sinatseke khomo la ndalama zomwe wogula anaononga pachabe, chifukwa ndimeyo sinazitchule. Mawu a ndime iliyonse amaonedwa paokha, koma kwa inu zikutanthauza kuti 20,000 ya phindu itatsekedwa, 24,000 itha kukhalabe yotseguka. Onaninso ndime ya zochitika zoposa mphamvu ya munthu, monga nkhondo kapena kusefukira kwa madzi. Imathandiza wogulitsa pokhapokha chomwe chamuchedwetsa chili m'gulu la zomwe ndimeyo ikunena, ndipo zambiri mwa ndime zotere zimafuna kuti akudziwitseni m'masiku owerengeka.

Pomaliza, kalata yoitanitsa ndalama

Ikhale ya tsamba limodzi kapena awiri. Tchulani tsiku la oda, tsiku lomwe munapangana, ndi tsiku lomwe katundu anafika. Nenani zomwe wogulitsa ankadziwa pa 1 Meyi ndi pomwe anazidziwira, monga uthenga womwe munamutumizira zojambula zokhala ndi masiku a mpikisano. Fotokozani zomwe munachita pa 2 ndi 3 Juni pofuna wosindikiza wina, ndi mayankho omwe munalandira. Kenako ikani mizere iwiri ija momwe ilili, 44,000 pansi pake, n'kuonjeza chiganizo chimodzi choti ngakhale phindu litakanidwa, malisiti omwe mwaphatikiza akuonetsa 24,000 yolowa m'madzi. Pemphani chiongola dzanja kuyambira tsiku lomwe munataya ndalamazo, ndipo perekani masiku 14 oti ayankhe.

Musaikemo za kupsa mtima, kusowa tulo kapena manyazi omwe munachita pamaso pa anzanu. Pamgwirizano wa malonda makhoti salipira zimenezo, ndipo zimangochepetsa ulemu wa manambala anu. Ngati simunamalize kulipira katundu, mutha kuchotsa zomwe mwataya pa ndalama yotsalayo, koma yambani mwaona ngati mgwirizano sunaletse kutero, ndipo muuzeni wogulitsa polemba kuti mwachotsa zingati ndi chifukwa chake. Nthawi yokasuma ili ndi malire: ku England ndi zaka zisanu ndi chimodzi pamgwirizano wamba, ndipo zimayamba kuwerengedwa tsiku lomwe mgwirizano unaphwanyidwa, osati tsiku lomwe munamaliza kugulitsa tisheti yomaliza pa 12.